Kalata ya msonkho yafika: musanathamangire kubanki, iwerengeni kuchokera pamwamba

Anthu ambiri a bizinesi akalandira kalata yochokera ku Malawi Revenue Authority, bungwe lotolera misonkho lomwe tonse timangoliti MRA, maso awo amathamangira pansi penipeni pomwe pali ndalama zoti alipire. Akaona chiwerengerocho mtima umagunda, ndipo chotsatira chimakhala chimodzi mwa ziwiri. Ena amakatenga ngongole, mwina ya katapila imene, n'kulipira zonse kuti apume. Ena amaipinda kalatayo n'kuiponya m'kabati, poganiza kuti nkhaniyo izizira yokha. Onsewa aluza, chifukwa chiwerengero cha pansicho si chigamulo chochokera kumwamba ayi. Ndi yankho la masamu, ndipo masamuwo ali pomwepo pa pepala kuti mwini wake awabwereze. Angathe kukhala olondola, angathenso kukhala ndi cholakwika pamzere umodzi wokha chomwe chatupitsa ngongole yonse.

Kalata yomwe tikunenayi imakhala ndi mutu wakuti Notice of Assessment. Ndi chidziwitso chakuti bungweli lawerengera msonkho wanu wa nyengo yakutiyakuti ndipo lapeza kuti ndi wochuluka mwakuti. Masiku ano ikhoza kukupezani pa pepala, kapena mu akaunti yanu ya Msonkho Online, njira ya pa intaneti yomwe olipira msonkho amatumizira mafomu awo. Apa pali msampha woyamba: munthu amene satsegula akaunti yake, kapena amene anapatsa MRA imelo ya mnyamata yemwe anamuthandiza kulembetsa zaka zapitazo, akhoza kukhala ndi kalata yomudikira iye osadziwa, masiku akutha.

Funso loyamba: yabwera chifukwa chiyani?

Mwa dongosolo la masiku ano, mwini bizinesi ndiye amayamba kudziwerengera yekha msonkho. Chaka chake cha bizinesi chikatha, ali ndi masiku 180 oti atumize fomu yoonetsa zomwe wagulitsa, zomwe wawononga poyendetsa bizinesi ndi phindu lomwe latsala, fomu yomwe a mu ofesi amaitcha ritani. Choncho kalata yokufunani ndalama zina ikabwera pambuyo pake, kawirikawiri pali zifukwa ziwiri. Mwina simunatumize ritani, ndiye a msonkho angoyerekeza phindu lanu pogwiritsa ntchito zomwe akudziwa za inu, monga katundu yemwe munaolotsa pachipata kapena ndalama zomwe makasitomala anu ananena kuti anakulipirani. Kapena munatumiza, koma iwo ataunika mabuku anu sanagwirizane nazo zina ndipo asintha masamu.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Ngati chiwerengerocho n'chongoyerekeza, kulira kuti "achulutsa" sikuthandiza kanthu pomwe inu simunaike patebulo chiwerengero chanu. Ntchito yoyamba ndi kukonza mabuku ndi kutumiza ritani yomwe inatsalirayo. Ngati ndi kusintha kwa zomwe munatumiza, ntchito yanu ndi kupeza mizere yomwe yasinthidwa ndi chifukwa chake.

Musanafike ku ndalama, yang'anani mutu wa kalatayo. Dzina ndi lanu kapena la kampani yanu? Nambala yanu ya msonkho, TPIN, ndi yomweyo manambala onse? Munthu amene ali ndi kampani komanso ali ndi TPIN yakeyake ayenera kuonetsetsa kuti kalatayo ikunena za ndani, pakuti pamaso pa lamulo awa ndi olipira msonkho awiri osiyana. Kenako onani mtundu wa msonkho: wa phindu la bizinesi, wa VAT, kapena wa PAYE womwe mumadula ku malipiro a antchito. Pomaliza onani nyengo yake. Zimachitika kuti munthu akukangana ndi kalata atanyamula malisiti a chaka chatha pomwe kalatayo ikunena za chaka cha dzana. Izi ndi zoona mphindi zochepa, koma zikalakwika zonse za m'munsi zilibe maziko.

Tiyerekeze kampani ya mayi wogulitsa ufa ndi nyemba

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze mayi amene ali ndi kampani yaing'ono yolembetsedwa m'Malawi muno, yopereka ufa ndi nyemba ku sukulu zogonera komweko. Chaka chake cha bizinesi chimatha pa 31 Malichi. M'chaka chomwe tikunenachi anagulitsa katundu wa K60,000,000, ndipo analemba kuti anawononga K48,000,000 pogula chimanga ndi nyemba, kugayitsa, mayendedwe, lendi ndi malipiro a antchito. Phindu linatsala K12,000,000. Msonkho wa kampani yotere ndi K30 pa K100 iliyonse ya phindu, ndiye unakwana K3,600,000.

Ndalama imeneyi sanailipire tsiku limodzi. Mbali ina, K1,500,000, anapereka pang'onopang'ono m'kati mwa chaka ngati msonkho wolipiriratu, womwe umaperekedwa miyezi itatu iliyonse pasanathe masiku 25 miyeziyo itatha. Kwa iye ndi pofika pa 25 Julayi, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Mbali ina inadulidwa ndi masukulu omwe ankamugula. Lamulo limawauza ogula oterewa kuti podula cheke asunge K3 pa K100 iliyonse n'kukaipereka ku MRA m'dzina la wogulitsayo, ndipo pa K60,000,000 inakwana K1,800,000. Yotsala, K300,000, analipira potumiza ritani. Kwa iye nkhani inali itatha.

Kenako kalata ikubwera: phindu ndi K17,000,000, msonkho ndi K5,100,000, zomwe munalipira kale ndi K3,000,000, zotsala K2,100,000, pamwamba pake chindapusa ndi chiwongoladzanja.

Chomwe mayiyu ayenera kuchita ndi kuika kalatayo pambali pa ritani yake n'kutsika nazo mzere ndi mzere, monga momwe munthu amachitira ndi kope la ngongole pa golosale mwezi ukatha: sakangana ndi chiwonkhetso, amafunsa kuti sopo uyu anatengedwa liti, shuga uyu anatenga ndani. Akatero aona kuti K2,100,000 ija si ngongole imodzi. Ndi nkhani zitatu zosiyana zomwe zamangidwa mtolo umodzi.

Ndalama zomwe munalipira kale

Ine ndimati yambani ndi mzere wa zomwe munalipira kale, ngakhale uli chakumunsi, chifukwa ndi wosavuta kutsimikiza ndipo mpomwe anthu ambiri amalipira kawiri osadziwa. Mayi uja akudziwa kuti ndalama zake zonse zomwe zinapita ku msonkho ndi K3,600,000. Kalata ikuti K3,000,000. Pasowa K600,000.

Akayang'ana mapepala a kubanki apeza kuti zomwe analipira ndi dzanja lake zonse zawerengedwa. Zomwe zaperewera ndi zodulidwa ndi masukulu: kalata yawerenga K1,200,000 m'malo mwa K1,800,000. Akaika pamodzi ziphaso zomwe sukulu iliyonse imapereka ikadula msonkho, aona kuti sukulu imodzi yomwe inagula katundu wa K20,000,000 inamudula K600,000, koma ndalamayo sikuoneka pa dzina lake. Zifukwa zake zimakhala zodziwika: wolemba mabuku pa sukulupo analakwitsa TPIN, kapena anaiika pa mwezi wolakwika, kapena anadula ndalamayo koma sanaipereke ku MRA.

Apa umboni ndi invoisi ya K20,000,000, sitetimenti ya kubanki yoonetsa kuti zinalowa ndi K19,400,000 zokha, ndi chiphaso cha msonkho wodulidwa. Ngati chiphasocho palibe, mayiyu apite kusukuluko lero, osati sabata ya mawa, akachipemphe ndi kalata. Ambiri amachita manyazi kuvutitsa kasitomala wamkulu poopa kutaya msika. Manyazi amenewo mtengo wake pano ndi K600,000. Wodula msonkho ali ndi udindo wopereka chiphaso, ndipo wogulitsa aliyense ayenera kuchitenga nthawi yomwe akulandira malipiro, osadikira kuti chaka chithe.

Ngati chosowa chili pa ndalama zomwe munalipira nokha, yang'anani PRN, nambala yomwe Msonkho Online imatulutsa musanakalipire kubanki. Nambala imeneyi ndi yomwe imauza makina kuti ndalamayo ndi ya msonkho uti komanso nyengo iti. Munthu akasankha molakwika potulutsa PRN, ndalama yake imafika ndithu ku boma koma imakakhala pa msonkho wina, uku ngongole ikuoneka ngati sinalipidwe. Zoterezi sizifuna kulipiranso. Zimafuna kalata yopempha kuti ndalamayo isamutsidwire pamalo pake, pamodzi ndi lisiti la kubanki.

Zomwe akana kuti ndi zowonongera bizinesi

Tsopano tikwere pamwamba. Phindu lachoka pa K12,000,000 kufika pa K17,000,000, kusonyeza kuti K5,000,000 mwa zomwe mayi uja anati anawononga zakanidwa. Ngati kalata sikufotokoza kuti ndi ziti, kawirikawiri zimakhala mu lipoti la omwe anabwera kudzaunika mabuku. Ngati lipotilo mulibe, lipempheni polemba. Simungatsutse chinthu chomwe simukuchidziwa dzina.

Tinene kuti K1,500,000 mwa ndalamazi ndi fizi ya ana ake ndi zogula za pakhomo, zomwe ankalipira kuchokera mu akaunti ya kampani. Apa a msonkho alondola, ndipo palibe chifukwa chotayira nthawi. Lamulo limalola kuchotsa pa phindu ndalama zokhazo zomwe zawonongedwa pofuna kupeza phindulo. Fizi ya mwana, chithandizo cha pamaliro a kumudzi, malata a nyumba ya amayi anu, zonsezi ndi zofunika pamoyo wa munthu, koma si zoyendetsera bizinesi ya ufa. Msonkho wa pa K1,500,000 imeneyi ndi K450,000, ndipo ndi ngongole yeniyeni.

Yotsala, K3,500,000, ndi nyemba zomwe anagula kwa alimi m'misika ya kumudzi. Nyembazo anagula ndithu, ana asukulu anadya, koma mlimi wogulitsa ndowa ziwiri sapereka lisiti. Pano mpomwe pali ululu wa ochita malonda ambiri m'dziko muno, chifukwa pa nkhani za msonkho udindo wopereka umboni uli pa wolipira. Si a MRA oyenera kusonyeza kuti simunagule. Ndinu woyenera kusonyeza kuti munagula. Wina anganene kuti izi n'zouma kwa anthu amene amagula m'misika momwe lisiti silidziwika, ndipo ine ndikuvomereza kuti n'zouma. Komabe lisiti si umboni wokhawo womwe ulipo. Kope lomwe munkalemba tsiku, msika, dzina la wogulitsa, makilogalamu ndi mtengo ndi umboni. Mbiri ya ndalama zomwe munatumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi umboni wamphamvu koposa, chifukwa sinalembedwe ndi inu. Malisiti a galimoto yomwe inanyamula matumba, ndiponso mapepala omwe sukulu inasaina polandira katundu, amathandiza kusonyeza kuti nyemba zomwe zinagulitsidwa zinachokera penapake ndipo zinagulidwa ndi ndalama.

Mayi wathu atafufuza wapeza umboni wooneka wa K2,700,000. Ya K800,000 analipira pamanja osalemba paliponse. Akhoza kuyesa kuifotokoza, koma adziwe kuti mwayi wake ndi wochepa, ndipo msonkho wake ndi K240,000. Chomwe sayenera kuchita ngakhale pang'ono ndi kulemba malisiti atsopano n'kuwaika madeti akale. Kumeneko n'kuchoka pa mkangano wa masamu kulowa pa mlandu wachinyengo, womwe chilango chake n'cholemera kuposa ngongole yomwe amaithawayo.

Tsopano mtolo uja wamasuka. Pa K2,100,000, yomwe mayiyu akuivomera ndi K690,000, kuphatikiza ya fizi ndi ya nyemba zopanda umboni. Yomwe ali ndi zifukwa zomveka zoitsutsira ndi K1,410,000: K600,000 yomwe anadulidwa kale ndi K810,000 ya msonkho wa pa nyemba zomwe umboni wake ulipo. Akadathamangira kubanki tsiku loyamba, akadalipira katatu ndalama yomwe akuyenera kulipira.

Pali zina ziwiri zoti muone mwachangu pa masamu omwewa. Choyamba ndi mulingo wa msonkho. K30 pa K100 ndi wa kampani. Munthu wochita bizinesi m'dzina lake amawerengeredwa mwa magawo, kuyambira pa gawo losadulidwa msonkho kukwera m'mwamba, ndipo magawowa amasintha Nyumba ya Malamulo ikavomereza bajeti. Onetsetsani kuti agwiritsa ntchito mulingo wa chaka chomwe kalata ikunena, osati wa lero. Chachiwiri, ngati bizinesi inaluza chaka cham'mbuyo ndipo munanena zimenezo mu ritani, onani ngati kuluzako kwachotsedwa pa phindu la chaka chino. Za chindapusa ndi chiwongoladzanja, kumbukirani kuti zimawerengeredwa pa msonkho womwe akuti watsala. Msonkhowo ukatsika, izonso ziyenera kuwerengedwanso. Funsani kuti ayamba kuwerenga tsiku liti ndipo pa ndalama iti.

Masiku awiri oti mulembe pakhoma

Pa kalata imeneyi pali masiku awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba ndi tsiku lomaliza kulipira. Lachiwiri ndi tsiku lomaliza kupereka dandaulo. Lamulo limapatsa munthu wosakhutira masiku 30 oti alembere mkulu wa bungweli, Komishonala Jenerale, kutsutsa zomwe awerengera. Kuti musakangane ndi munthu za tsiku lomwe munailandira, werengani masikuwo kuyambira pa deti lomwe lili pa kalatayo, ndipo muwerenge Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Masiku amenewa akadutsa muli chete, chiwerengero chija chimakhazikika ngati ngongole yotsimikizika, ngakhale mutakhala ndi katoni yodzaza malisiti. Kupempha kuti akumvereni mochedwa kumafuna chifukwa chomveka, ndipo yankho lake silili m'manja mwanu.

Chomwe chimapweteka ambiri ndi ichi: anapita ku ofesi, anakambirana ndi ofisala, ofisalayo anati "tiziona, bwerani sabata ya mawa", ndipo iwo anabwerera kunyumba ali ndi chikhulupiriro kuti adandaula. Kukambirana pakamwa ndi kwabwino, nthawi zina kumathetsa cholakwika chaching'ono tsiku lomwelo, koma si dandaulo ndipo sikuimitsa masiku 30 aja. Dandaulo ndi lolembedwa. Litchule dzina, TPIN, nambala ndi deti la kalata yomwe mukuitsutsa, mtundu wa msonkho ndi chaka chake. Kenako linene mfundo iliyonse payokha ndi ndalama yake. Mayi uja alemba kuti akutsutsa kusawerengedwa kwa K600,000 yomwe sukulu inadula, ndipo waphatikiza invoisi, sitetimenti ndi chiphaso, akutsutsa kukanidwa kwa K2,700,000 ya nyemba, ndipo waphatikiza mbiri ya malipiro a pafoni ndi masamba a kope lake, akuvomera zotsalazo. Dandaulo longoti "ndalamayi yachuluka, bizinesi sikuyenda" ndi pempho la chifundo, silipatsa wowerenga chifukwa chilichonse chosinthira chiwerengero. Lembani mfundo zonse zomwe muli nazo pa ulendo woyamba womwewu, chifukwa kuwonjezera zatsopano nkhani itapita patsogolo kumavuta. Perekani makope, zenizeni musunge, ndipo kope lanu la dandaulo lidindidwe chidindo cha tsiku lomwe alandira. Ngati mwatumiza pa intaneti, sungani uthenga wotsimikiza.

Nanga tsiku lolipira likafika dandaulo lisanayankhidwe? Apa musadzinamize. Pa misonkho, kudandaula pakokha sikuimitsa ngongole. Chanzeru ndi kulipira mbali yomwe mukuivomera tsikulo lisanafike; kwa mayi uja ndi K690,000. Kutero kumachepetsa chiwongoladzanja ndipo kumasonyeza kuti simukungozemba. Za mbali yomwe mukuitsutsa, pemphani m'kalata yomweyo kuti aimitse kutolera mpaka dandaulo litamvedwa, ndipo funsani ku ofesi yanu ya msonkho, musanapereke dandaulolo, ngati pali gawo lomwe lamulo likufuna kuti liperekedwe kaye. Yankho mulilandire lolembedwa. Ngati ndalama yomwe mukuivomerayo simungaikwanitse nthawi imodzi, lembani pempho lolipira pang'onopang'ono tsiku lisanakwane, muli ndi ndondomeko yomwe mungaisunge. Kupempha tsiku litadutsa kale kumakupezani muli pansi.

Komishonala Jenerale akakana dandaulo lanu, njira sinathere pomwepo. Malamulo omwe anakhazikitsidwa mu 2021 anabweretsa bwalo lapadera lomva ma apilo a nkhani za misonkho, ndipo pamwamba pake pali Khoti Lalikulu, lomwe lili ndi nthambi yoona za misonkho. Apilo nayonso ili ndi masiku ake owerengeka. Nkhani ikafika pamenepo, kapena ngati ndalama zake n'zoti zingagwetse bizinesi, kulipira akauntanti wovomerezeka kapena loya wodziwa za misonkho si kuwononga ndalama.

Amene aponya kalata m'kabati adziwe kuti MRA ili ndi mphamvu zomwe wokongoza wamba alibe. Ikhoza kulamula banki yanu, kapena kasitomala amene ali nanu ngongole, kuti apereke ndalama zanu kwa iyo mwachindunji, ndipo ikhoza kulanda katundu. Chinanso, munthu wa ngongole yosakonzedwa amavutika kupeza chiphaso chosonyeza kuti alibe mlandu wa msonkho, chomwe mabungwe a boma amafuna kwa ofuna kuwagulitsa katundu. Kwa mayi wopereka ufa ku masukulu, kusowa chiphaso chimenechi kungamutayitse msika wa chaka chonse chifukwa cha ngongole yomwe gawo lake lalikulu silinali loona.

Tsiku lolipira likayandikira, tulutsani PRN yanu msanga, muwerenge kawiri mtundu wa msonkho ndi nyengo yomwe mwasankha, ndipo mukalipire kukadali masiku awiri kapena atatu, chifukwa netiweki imatha kugwa tsiku lomaliza lomwe aliyense akulipira. Msonkho umalipidwa kudzera m'njira zovomerezeka za MRA, ndipo umasiya lisiti. Wina akakuimbirani foni kuti mutumize ndalama pa nambala yake kuti "akufufutireni" ngongoleyo, musatumize: ngongoleyo idzakhalabe m'makina pa TPIN yanu, ndipo inu mudzakhala mutawonjezerapo mlandu wa ziphuphu.